Bonasi yosainira ntchito ndi bonasi yokusungani: werengani ndime yobweza musanadye ndalamayo

Mwana wa achemwali anga anandipeza pa Kamuzu Road madzulo ena mu Epulo 2024, atavala ovolosi yake yothimbirira ndi girizi, kalata atayipinda kanayi m'thumba lapachifuwa. Iye ndi makaniko wa mathirakitala ndi mapampu othirira, ndipo kampani ina ya zaulimi kuno ku Salima inamutenga ku Lilongwe pomulonjeza ndalama yosainira. Tsopano amafuna kusiya ntchitoyo. Sanadikire n'komwe kuti tikhale pansi.

"Amalume, akuti ndibweze ndalama zonse."

"Zonse zingati?"

"K1,800,000. Koma ku akaunti kwanga kunalowa K1,260,000 basi. Ndiye miyezi 15 ndawagwirira ija akuyiwerenga chiyani?"

Ndinamufunsa ngati pepala limene anasaina analisunga. Analisunga. Titaliwerenga pansi pa babu la pakhonde la golosale, ndime yonse yobweza inali ya mizere iwiri: wantchito akachoka pa chifukwa china chilichonse miyezi 24 isanathe, adzabweza bonasi yonse. Tsiku losaina, mnyamatayo anaona nambala yapamwamba, anaganiza za lendi ndi galimoto yosamutsira katundu, nalemba dzina lake. Sindimunena, chifukwa ndagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito zaka zambiri ndipo ndaona anthu ophunzira kwambiri akuchita chimodzimodzi. Chimene ndikufuna mumve ndi ichi: bonasi yosainira imene ili ndi ndime yobweza si mphatso ayi. Ndi ngongole imene imakhululukidwa ndi nthawi, ndipo mmene idzakhululukidwire mumagwirizana musanasaine, abwana akadakufunani.

Pali ndalama za mitundu iwiri zimene anthu amazisokoneza. Yoyamba ndi bonasi yosainira, imene mumalandira poyamba ntchito kuti mulole kubwera. Yachiwiri ndi bonasi yokusungani, imene amakulonjezani muli kale pantchito kuti musachoke tsiku lakutilakuti lisanafike. Yoyamba mumadya kaye, msampha wake ndi kubweza. Yachiwiri nthawi zambiri mumadikira kaye, msampha wake ndi kuiphonya ndi masiku ochepa. Tiyambe ndi yoyamba, chifukwa ndi imene imaliza anthu.

Choyamba: pepala lipite nanu kunyumba

Musasaine mu ofesi tsiku lomwe akupatsani. Pemphani masiku awiri kapena atatu, ndipo pemphani mapepala onse, chifukwa kawirikawiri za bonasi sizilembedwa mu kontirakiti yaikulu koma pa kalata yapadera, imene ena amaitcha bondi. Ngati kontirakiti ikunena kuti mudzatsatira malamulo a kampani okhudza mabonasi, funsani buku la malamulowo ndipo mujambule tsamba lake pafoni. Mapepalawa amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, choncho palibe manyazi kupita nawo kwa munthu wozidziwa. Zimene abwana alonjeza pakamwa, monga zoti "musadandaule, ife sitilondola munthu", zilembedwe. Bwana amene akulonjeza lero akhoza kusamutsidwa chaka chamawa, ndipo wobwera m'malo mwake adzawerenga pepala lokha.

Chachiwiri: mudzabweza zingati, yonse kapena yotsala?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tidekhepo.

Ndime zobweza zilipo zamitundu iwiri. Ina imati mukachoka nthawi isanakwane mubweza yonse, kaya mwagwira mwezi umodzi kaya miyezi 23. Ina imati ngongole imatsika mwezi ndi mwezi, ndipo mumabweza gawo lofanana ndi miyezi imene yatsala. Mtundu wachiwiriwu ndi umene muyenera kuumirira. Kawerengedwe kake n'kosavuta: gawani bonasi ndi miyezi yonse ya bondi, kenako muchulukitse ndi miyezi yotsala.

Tione pa nkhani ya mnyamata uja. Bonasi inali K1,800,000, bondi ya miyezi 24. Ndiye kuti mwezi uliwonse umene wagwira ukufafaniza K75,000. Anagwira miyezi 15, yotsala inali 9. K75,000 kuchulukitsa ka 9 ndi K675,000. Ndalama imeneyi ndi imene akanabweza ndime ikanalembedwa motere, osati K1,800,000. Ndipo mukaiganizira bwino ndi yachilungamo kwa onse awiri. Kampani inalipira kuti ikhale ndi makaniko zaka ziwiri, yakhala naye chaka ndi miyezi itatu, mapampu ake akhala akuyenda nyengo yonse yothirira, choncho chimene yataya ndi miyezi 9 yokha. Mukamakambirana, lankhulani motero. Musanene kuti mukuopa kuti mwina mudzachoka. Nenani kuti mukufuna mwezi uliwonse umene mwagwira uziwerengedwa.

Makampani ena amakana kutsitsa mwezi ndi mwezi koma amalola masitepe: mukachoka m'chaka choyamba mubweza yonse, m'chaka chachiwiri mubweza theka. Izi n'zabwinoko kuposa yonse, koma dziwani pamene pali sitepe. Munthu wochoka pa mwezi wa 12 ndi wochoka pa mwezi wa 13 amasiyana K900,000, chifukwa cha milungu inayi yokha.

Tsopano pali funso lina limene pafupifupi aliyense amaliiwala: ndalama yobwezayo ndi ija yolembedwa papepala, kapena ija inalowa m'thumba? Bonasi ndi malipiro, ndipo abwana amadulapo msonkho wa PAYE n'kuupereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA musanaione n'komwe. Mlingo wa msonkhowu umatengera malipiro anu ndipo boma limausintha nthawi ndi nthawi, koma kwa mnyamata uja tingowerengera K30 pa K100 iliyonse. Pa K1,800,000 anadula K540,000, iye nalandira K1,260,000. Ndime ikangonena kuti "bonasi yonse" osafotokoza, ofesi ya akaunti idzalemba nambala yaikuluyo, chifukwa ndi imene inatuluka m'mabuku awo. Inu mudzabweza K540,000 imene simunaigwirepo, ndipo kuilondola kumsonkho ndi ulendo wina wautali umene abwana akale sadzakuyenderani.

Ndiye onani mmene mawu ochepa amasinthira zinthu. Munthu yemweyo, kuchoka tsiku lomwelo, akhoza kubweza K1,800,000 ngati ndime ikuti yonse msonkho usanadulidwe. Akhoza kubweza K1,260,000 ngati ikuti yonse imene analandira. Akhoza kubweza K675,000 ngati ikutsika mwezi ndi mwezi kuchokera pa nambala yaikulu. Ndipo ngati ikutsika kuchokera pa imene inalowa m'thumba, mwezi uliwonse ndi K52,500, miyezi 9 ndi K472,500. Pakati pa nambala yoyamba ndi yomaliza pali K1,327,500. Ndalama yoteroyo imapezeka kapena kutayika pa kukambirana kwa mphindi khumi tsiku losaina.

Ngati bonasi yalembedwa m'madola, monga zimachitikira m'mabungwe ena ndi malo ena ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, onetsetsani kuti ndime ikunena kuti mudzabweza makwacha amene munalandira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene analandira madola 1,500 isanagwe anagwira K1,770,000. Womuuza kuti abweze madola omwewo itagwa akumuuza kuti apeze K2,550,000.

Chachitatu: miyezi ikuyamba kuwerengedwa liti, ndipo ikutha liti?

Mnyamata uja anasaina pa 10 Januwale 2023, anayamba ntchito pa 1 Febuluwale, ndipo anamaliza miyezi itatu yoyesedwa pa 30 Epulo. Masiku atatu onsewa akhoza kukhala poyambira. Mwamwayi kalata yake inati kuyambira tsiku loyamba ntchito, choncho bondi imatha pa 31 Januwale 2025. Ikanati kuyambira tsiku lotsimikizidwa pantchito, miyezi itatu yoyesedwa ikanagwa m'madzi: akanaoneka kuti wagwira 12, yotsala 12, ngongole n'kukwera kuchoka pa K675,000 kufika pa K900,000. Choipa kwambiri n'choti kalata yotsimikiza munthu pantchito imachedwa m'maofesi ambiri, ina imatuluka patapita theka la chaka, ndipo wotchi yanu imakhala isanayambe kuyenda.

Njira yachidule ndi kupempha kuti alembe deti lenileni: bondi idzatha pa 31 Januwale 2025. Deti silifuna womasulira.

Funsaninso ngati amawerenga tsiku limene mwapereka notisi kapena tsiku lomaliza kugwira ntchito. Kwa munthu wolandira pamwezi, lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati notisi ikhale ya mwezi umodzi, ndipo makontirakiti ena amaika miyezi itatu. Mwezi wa notisi ndi mwezi wogwira ntchito, uyenera kuwerengedwa. Koma ngati mwasankha kuchoka lero n'kulipira ndalama m'malo mwa notisi, mweziwo suwerengedwa, ndiye mudzalipira kawiri: ya notisi ndi ya bondi.

Chenjerani ndi bondi yotalika kuposa kontirakiti. Ntchito zambiri za mapulojekiti kuno ndi za chaka chimodzi chimodzi. Ngati kontirakiti ndi ya miyezi 12 koma bondi ndi ya miyezi 24, alembe kuti kampani ikapanda kuwonjezera kontirakiti simubweza kanthu.

Chachinayi: kuchoka kwamtundu wanji kumene kumadzutsa ngongole?

Mawu akuti "pa chifukwa china chilichonse" ndi amene ndimadana nawo kwambiri, ndipo ndimawadula ndi cholembera pepala lililonse limene wina wandibweretsera. Munthu amachoka pantchito m'njira zambiri, ndipo zambiri mwa izo si kufuna kwake. Pulojekiti itha kutha chifukwa othandiza asiya kupereka ndalama. Kampani itha kuchepetsa antchito chifukwa madzi osefukira aononga minda, kapena itha kugulitsidwa. Munthu atha kudwala kapena kuvulala mpaka kulephera ntchito. Atha kumwalira, ndipo ndime yolembedwa mosasamala imasiya mkazi wamasiye akulandira kalata yangongole maliro asanaiwalike.

Ndime yabwino imatchula njira ziwiri zokha zobwezera: mukasiya nokha ntchito mwa kufuna kwanu, kapena mukachotsedwa chifukwa cha mlandu waukulu, monga kuba, mutapatsidwa mpata woyankhapo. Kenako imatchula poyera kuti simubweza ngati akuchotsani pochepetsa antchito, ngati kontirakiti yatha, ngati mwadwala kapena kumwalira, ndiponso ngati akuchotsani m'nthawi yoyesedwa popanda mlandu. Chomalizachi musachiphonye. Lamulo limalola kuti nthawi yoyesedwa ifike mpaka miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo mbali iliyonse itha kuthetsa ntchito popanda notisi. Tangoganizani: mwasiya ntchito yanu ku Kanengo, mwasamutsa banja, ana mwawalembetsa sukulu ku Salima, ndalama yapita ku lendi ya miyezi itatu ndi galimoto ya katundu, kenako mwezi wachiwiri akukuuzani kuti simukugwirizana ndi kampani, mubweze zonse.

Palinso kuchoka kumene papepala kumaoneka ngati kufuna kwanu pamene kwenikweni akuthamangitsani. Malipiro akuchedwa miyezi iwiri, kapena akutsitsani udindo popanda chifukwa, kapena nyumba imene analonjeza sanapereke. Lamulo lomwe lija limazindikira kuti wantchito atha kusiya ntchito chifukwa khalidwe la abwana lafika posapiririka, ndipo kuchoka kotero kumatengedwa ngati kuchotsedwa. Koma kutsimikiza zimenezi ndi mlandu, ndipo mlandu umadya nthawi. N'kwabwino kulemba mu ndime momwemo kuti kampani ikaphwanya mbali yake, makamaka ikachedwetsa malipiro kupitirira masiku 30, bondi yatha. Ndipo zikakuchitikirani, dandaulani mwa kalata musanasiye, musunge kope, ndipo m'kalata yosiyira ntchito mutchule chifukwa chenicheni. Anthu ambiri mwaulemu wathu amalemba kuti "ndikusiya pa zifukwa za kunyumba, zikomo pa zonse", kenako kalata yomweyo imadzawatsutsa ku leba.

Chachisanu: adzaitenga bwanji ndalamayo?

Werengani ngati mukuwapatsa chilolezo chodula pa malipiro anu omaliza. Makalata ambiri amatero, ndipo ndi chifukwa chake anthu amadzidzimuka mwezi womaliza akapeza ku akaunti kulibe kanthu, ndalama za masiku a tchuthi amene sanapite nazonso zamezedwa. Lamulo limati malipiro onse a munthu amene ntchito yake yatha aperekedwe pasanathe masiku 7, ndipo limaika malire pa zimene abwana angadule pa malipiro. Choncho kusaina bondi sikutanthauza kuti atha kugwira chilichonse mmene akufunira. Komabe musadalire kudzakangana pambuyo pake. Pemphani kuti alembe kuti yobwezayo idzalipidwa pang'onopang'ono kwa miyezi 6 kapena 12, popanda chiwongola dzanja, ndipo kuti pa malipiro omaliza sadzadula koposa gawo limene mwagwirizana.

Za penshoni zikhale patali. Ndalama zija za 5 pa 100 zimene mumadulidwa ndi 10 pa 100 zimene abwana amaonjezera zimakhala ku kampani yosunga penshoni, m'dzina lanu. Wina akakubweretserani pepala loti musaine kuti bondi ilipidwe kuchokera kumeneko, musasaine musanakafunse ku ofesi ya leba.

Mukamaliza kukambirana, ndime yanu izimveka chonchi mukaimasulira: "Wantchito akasiya yekha ntchito, kapena akachotsedwa pa mlandu waukulu, lisanafike tsiku la 31 Januwale 2025, adzabweza K52,500 pa mwezi uliwonse wathunthu wotsala, m'magawo 6 ofanana, popanda chiwongola dzanja. Akachoka pa chifukwa china osati ziwirizi sadzabweza kanthu." Abwana ena adzakana zina mwa izi. Ngati mutapambana chimodzi chokha, chikhale chija chotsika mwezi ndi mwezi. Ngati ziwiri, chachiwiri chikhale chochotsa mawu akuti chifukwa china chilichonse. Akakana zonse, funsani ngati angachepetse bonasi koma yopanda bondi, kapena aigawe pawiri, theka poyamba theka pakatha chaka, chilichonse chikhale chanu mukachilandira. Kwa ine K900,000 yopanda chingwe iposa K1,800,000 yomangirira mwendo zaka ziwiri.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama yalowa, muisunge bwanji?

Sungani pepala la malipiro la mwezi umene bonasi inalowa, chifukwa ndi umboni wa msonkho umene unadulidwa. Kenako dziwani nambala ya ngongole yanu mwezi uliwonse, muilembe kuseri kwa kalendala. Sindikunena kuti musaigwire ndalamayo, anakupatsani kuti musamukire. Koma imene yatsala musaikwirire pa chinthu chosagulitsika msanga, monga maziko a nyumba kumudzi. Mnyamata uja anagula njinga yamoto ya kabaza, ndipo ndi imene inamupulumutsa, chifukwa imabweretsa kangachepe tsiku ndi tsiku ndipo ikanatha kugulitsidwa sabata imodzi.

Bonasi yokusungani: nkhani ndi deti ndi notisi

Mnzake wa mnyamatayu, mayi wina wosunga sitolo ya zipangizo pakampani yomweyo, analonjezedwa K900,000 ngati adzakhale akadali pantchito pa 30 Novembala, ntchito yokolola ikatha. Anapeza ntchito ina yoyamba mu Disembala, ndipo pofuna kuchoka mwaulemu anapereka notisi ya mwezi umodzi pa 5 Novembala. M'mutu mwake, pa 30 Novembala adzakhala akadali pantchito, ndipo zinalidi choncho. Koma kalata yake inali ndi mawu ena anayi kapena asanu: akhale pantchito, ndipo asakhale atapereka kapena kulandira notisi. Anataya K900,000 chifukwa cha masiku 25.

Pa bonasi yamtunduwu funsani zinthu izi motsatana. Kodi tsiku loyenerera ndi liti, ndipo tsiku lolipira ndi liti? Awa ndi masiku awiri osiyana. Mutha kuyenerera pa 30 Novembala koma ndalama n'kudzatuluka ndi malipiro a Januwale, ndipo makalata ena amati mukhale mukadalipo tsiku lolipira. Kodi notisi imaononga? Ngati inde, notisi yanu idikire mpaka ndalama mwaiona ku akaunti, osati mpaka mwamva kuti yasainidwa. Uzani olemba ntchito atsopano chilungamo kuti mutha kuyamba tsiku lakuti. Ambiri amadikira mwezi umodzi munthu amene akumufuna. Kodi mukalandira, pali mchira? Makalata ena amati mukachoka pasanathe miyezi 6 chilandirireni mubweza, ndipo apo bonasi yokusungani yasanduka bondi, zonse tanena pamwambazi zikugwira ntchito.

Mawu akuti bonasi idzaperekedwa "ngati akuluakulu a kampani aona kuti n'koyenera", kapena "ngati ntchito yanu ikukhutiritsa" popanda kunena muyeso wake, amasandutsa lonjezo kukhala mphepo. Pemphani kuti chofunika chikhale chimodzi choonekeratu, monga kukhalapo tsiku lakuti popanda chenjezo lomaliza lolembedwa. Ndipo alembe kuti akakuchotsani pochepetsa antchito tsikulo lisanafike, mulandira yonse kapena gawo la miyezi imene mwagwira. Izi n'zofunika chifukwa mabonasi otere amaperekedwa kwambiri pamene kampani ikugulitsidwa kapena pulojekiti ikutsekedwa, nthawi yomwe kuchotsedwa kuli pafupi.

Ngati kudikira kwake ndi kwa chaka kapena ziwiri, musalole nambala youma. K900,000 ya lero sidzagula matumba a simenti omwewo zaka ziwiri zikubwerazi, tonse taziona. Alembe kuti bonasi idzakhala malipiro a mwezi umodzi kapena iwiri pa mlingo wa nthawi yolipirayo.

Mwaganiza zochoka bondi isanathe

Yambani ndi kuwerengera nokha musanauze aliyense, ndipo muone ngati kudikira mwezi umodzi kapena iwiri kungakudutsitseni pa sitepe. Kenako pitani ndi nambalayo kwa amene akukulembani ntchito yatsopano musanavomere. Auzeni kuti, "Bwana, ndili pa bondi ya K675,000, mungandiombole?" Makampani amene akusowa munthu waluso amalipira, yonse kapena theka. Koma dziwani kuti nawonso adzakumangani ndi bondi yawo, ndipo ndalama yawoyo idzadulidwa msonkho, choncho kuti m'manja mwanu mufike K675,000 ayenera kulemba yoposerapo.

Mukapereka notisi, pemphani mwa kalata kuti akuwerengereni zonse papepala limodzi: zimene akuyenera kukupatsani, ndi zimene akuti mubweze, chilichonse pa mzere wake. Musasaine pepala lovomereza ngongole ngati nambala simukugwirizana nayo, ngakhale akuuzeni kuti kalata yanu ya umboni wa ntchito situluka. Ndipo musathawe. Salima ndi yaing'ono, amakaniko ndi mabwana awo amadziwana kuyambira Chipoka mpaka Dwangwa, ndipo ngongole yosainidwa itha kukutsatani kukhoti.

Zikakanika, tengani kontirakiti, kalata ya bonasi, mapepala a malipiro ndi makalata onse mupite ku ofesi ya leba pa boma. Kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri kuti zikambirane, ndipo zikalephereka nkhani imapita ku khoti loweruza milandu ya pantchito. Ngati dandaulo lanu ndi loti anakuchotsani mopanda chilungamo, lipite pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni.

Ife sitinafike kumeneko. Usiku womwewo tinalemba kalata ya tsamba limodzi. Sitinakane kuti anasaina. Tinatchula miyezi 15 imene anagwira popanda chenjezo, tinaphatikiza pepala la malipiro losonyeza K540,000 ya msonkho, ndipo tinapempha kuti abweze gawo la miyezi 9 yotsala. Tinaonjezera chinthu chimene kampani imachifuna kwambiri kuposa ndalama: kuti m'mwezi wa notisi adzaphunzitsa anyamata awiri a mu galaja kakonzedwe ka mapampu akuluakulu, ndipo adzasiya buku la sevisi ya thirakitala iliyonse lolembedwa bwino. Mmawa wake anapita nayo yekha.

Patapita sabata anandiimbira. "Amalume, za msonkho akana. Koma miyezi avomera."

Anagwirizana K675,000, m'magawo 6 a K112,500 mwezi uliwonse, ndipo malipiro ake omaliza anatuluka athunthu. Ndinamuuza kuti asapereke ndalama pamanja kwa munthu aliyense, azitumiza ku akaunti ya kampani n'kusunga risiti iliyonse, ndipo akamaliza akatenge kalata yodindidwa yonena kuti alibenso ngongole. Gawo lomaliza analipira mu Okutobala 2024. Kalatayo inatenga milungu itatu ndi maulendo awiri a minibasi kuchokera ku Lilongwe, ndipo kope lake lili m'kabati mwanga pamodzi ndi pepala la mizere iwiri lija.